Wantchito Akamachoka, Tsamba la Bizinesi Litsale M'manja Mwanu

Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi saluni ku Kabwata. Tsamba la saluniyo pa Facebook anamutsegulira ndi mtsikana amene anamulemba ntchito, ndipo makasitomala a ku Woodlands ndi ku Kabulonga amasungitsa malo kudzera pamenepo. Tsopano mtsikanayo wapeza ntchito ina ku Chelstone, achoka kumapeto kwa mwezi. Mayiyo achite chiyani?

Choyamba adziwe kuti tsamba la bizinesi lilibe mawu akeake achinsinsi. Limayendetsedwa kudzera pa akaunti za anthu amene anapatsidwa mphamvu. Choncho kupempha mtsikanayo mawu ake achinsinsi sikuthandiza, chifukwa akauntiyo ndi yake, ndipo angawasinthe tsiku lililonse. Chofunika n'chakuti mwini bizinesi akhale ndi akaunti yakeyake imene ili ndi mphamvu zonse pa tsambalo. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ngati inu muli ngati mayiyu, ntchito yopatsana mphamvuyi ichitike kutatsala sabata imodzi kapena ziwiri kuti wantchito achoke, anthu akumvanabe, onse awiri atakhala pamodzi ndi mafoni awo.

Yambani ndi kudziwonjezera

Wantchitoyo alowe monga tsamba, kenako atsegule Settings, Page setup, mpaka pa Page access. Asankhe Add New, alembe dzina la akaunti yanu, ndipo ayatse pamene pakunena za full control. Facebook idzamufunsa mawu ake achinsinsi kuti atsimikize. Inu mudzalandira uthenga wokuitanani, ndipo muuvomere pomwepo. Ambiri amalakwitsa pano: amaganiza kuti zatha, chonsecho sanavomere, ndiye kuti alibe mphamvu iliyonse.

Musakhulupirire poti mukutha kuika zithunzi. Munthu wopatsidwa mphamvu zochepa nayenso amaika zithunzi ndi kuyankha makasitomala, koma sangawonjezere kapena kuchotsa munthu. Yesani nokha pafoni yanu: ngati mukutha kuwonjezera munthu pa Page access, mphamvu zonse muli nazo.

Onani ngati pali mwini wina pamwamba

Pa Page access pomwepo pangaoneke mawu akuti business portfolio. Imeneyi ndi akaunti ya bizinesi imene anthu ambiri amatsegula pofuna kulipira zotsatsa malonda. Tsamba likakhala m'menemo, woyang'anira akauntiyo ndiye mwini weniweni, ngakhale inu mutakhala ndi mphamvu pa tsamba. Wantchitoyo alowe pa business.facebook.com, apite pa Settings, kenako People, akuitaneni ndi imelo yanu n'kukupatsaninso full control. Onaninso khadi la kubanki lolipirira zotsatsa: ngati ndi lake lichotsedwe, muikepo lanu.

Kenako chotsani wochokayo

Mukatsimikiza zonsezi, m'pamene mumuchotse m'malo onse awiri. Musazengereze chifukwa cha manyazi. Aliyense wokhala ndi mphamvu zonse angathe kukuchotsani inuyo, ngakhale kufufuta tsamba lonse. Ngakhale wochokayo ndi wokhulupirika, akaunti yake ikabedwa, wakubayo amatenganso tsamba lanu. M'malo mwake ikanipo munthu wachiwiri wodalirika, monga mwamuna wanu kapena mchemwali wanu, kuti foni yanu ikatayika musatsekeredwe kunja. Nonse muyatse Two-factor authentication. Wantchito watsopano mumupatse mphamvu zochepa zokha.

Nambala ya foni ndiyo imaiwalika

Ku Zambia, malamulo a ZICTA amafuna kuti simukhadi ilembetsedwe m'dzina la munthu, nthawi zambiri pogwiritsa ntchito NRC yake. Ngati nambala ya WhatsApp imene ili pa tsamba inalembetsedwa ndi NRC ya mtsikanayo, kusiya simukhadi m'dirowa sikokwanira. Iye angapite ku MTN, Airtel kapena Zamtel kukatenga ina ya nambala yomweyo, ndipo mauthenga a makasitomala ndi ndalama za Airtel Money kapena MoMo zingayambe kufikira kwa iye.

Mupitire limodzi ku ofesi ya kampani ya foni, aliyense ndi NRC yake, mukapemphe kusintha dzina la mwini nambala. Akaifuna yekha nambalayo, gulani yanu, ndipo pa WhatsApp musankhe Settings, Account, Change number. Mungathe kudziwitsa makasitomala pomwepo. Ikani manambala atsopano achinsinsi pa Two-step verification, ndipo musinthe nambala yolembedwa pa tsamba ndi pa chikwangwani cha pakhomo.

Ngati anachoka kale

Muimbireni mwaulemu, chifukwa ntchito ya pa Facebook angaichite ali komwe aliko. Kudandaula ku Facebook kumafuna umboni wa umwini, monga chiphaso chanu ndi satifiketi ya ku PACRA, ndipo kumatenga nthawi. N'chifukwa chake tsamba ndi nambala muziwerengere limodzi ndi makiyi a shopu: zibwezedwe tsiku lotsazikana lisanafike.