Kodi Ekala Yachimanga Yatipatsa Phindu Lanji?

Tikakolola, ambirife timawerenga matumba n'kunena kuti chaka chino tapindula. Koma matumba 36 akhoza kukhala phindu kapena kuluza, malingana ndi ndalama zimene zinalowa m'mundamo. Tiyeni titsatire munda umodzi kuchokera pogula mbewu mpaka pogulitsa. Mitengo imene tagwiritsa ntchito ndi yachitsanzo chabe. Inu muikemo ya pamalisiti anu.

Tiyambe ndi kuyeza munda, chifukwa apa ndi pamene ambiri timaphonya. Ekala imodzi ndi masikweya mita 4,047, ndipo hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka. Tinene kuti banja lina limati munda wawo ndi maekala awiri, popeza agogo ankatero. Tikayeza ndi chingwe tikupeza mamita 81 m'litali ndi 75 m'lifupi. Kuchulukitsa kukutipatsa 6,075, ndipo tikagawa ndi 4,047 tikupeza ekala imodzi ndi theka.

Tsopano zolowa. Mbewu ya haibulidi makilogalamu 15 inagulidwa K90,000. Feteleza wokulitsa wa NPK anali matumba awiri, K150,000 lililonse, ndipo wobereketsa wa Urea matumba awiri, K140,000 lililonse. Malisiti akusonyeza K580,000, komatu theka la thumba la Urea latsala m'nyumba. Timawerengera zimene zathiridwa m'munda, osati zimene zagulidwa, choncho tichotse K70,000 kuti feteleza akhale K510,000. Aganyu opanga mizere, kupalira, kubandira ndi kukolola analandira K160,000. Matumba, mankhwala oteteza ku anankafumbwe ndi ngolo yotutira zinadya K70,000. Zonse pamodzi ndi K830,000. Ganyu alibe lisiti, n'chifukwa chake tiyenera kulemba m'kope tsiku lomwelo. Tikadikira mpaka Meyi, theka timakhala taiwala.

Munda unatulutsa matumba 36 a makilogalamu 50. Matumba 20 anagulitsidwa mu Meyi pa K35,000, n'kubweretsa K700,000. Ena 6 anasungidwa mpaka Januwale, pamene chimanga chimasowa, ndipo anagulitsidwa pa K55,000, zomwe ndi K330,000. Ndalama zogwira m'manja ndi K1,030,000. Tikachotsa K830,000, patsala K200,000 yokha, ndipo mwini munda akhoza kugwa mphwayi n'kunena kuti ulimi sulipira.

Koma nanga matumba 10 otsalawo? Banja linadya. Nsima imeneyo inachokera m'munda womwewu, ndipo pakanapanda mundawu akanaigula. Choncho timawapatsa mtengo wa nthawi yokolola, K35,000, osati wa Januwale, kuopa kudzinamiza tokha. Imeneyo ndi K350,000, ndipo zokolola zonse zikukwana K1,380,000. Chimanga cholipira aganyu nachonso timachilemba, koma mbali zonse ziwiri: ngati chokolola komanso ngati cholowa.

Pali cholowa china chimene sichioneka, ndicho thukuta la eni ake. Bambo, mayi ndi ana a sukulu amene anabwera patchuthi cha Disembala anagwira masiku 40 tikaphatikiza onse. Akanapita kukagwira ganyu kwina pa K3,000 patsiku akanapeza K120,000. Ena amakana kuwerengera zimenezi, amati munthu sadzilipira yekha. Ife tikuona kuti n'kofunika, chifukwa popanda kutero sitingayerekeze mundawu ndi wa mnzathu amene analemba aganyu pa ntchito yonse. Zolowa tsopano zafika K950,000.

Phindu la munda wonse ndi K1,380,000 kuchotsa K950,000, zomwe ndi K430,000. Tikagawa ndi ekala imodzi ndi theka, phindu pa ekala ndi pafupifupi K286,700. Tikanakhulupirira za maekala awiri aja tikanapeza K215,000, n'kumaunyoza munda wosalakwa. Tizindikirenso kuti K120,000 ya phinduli inabwera chifukwa chosunga matumba 6 aja mpaka mtengo utakwera, osati chifukwa cha kalimidwe.

Nambala ina yofunika kuidziwa tisanakumane ndi mavenda ndi mtengo wolimira thumba limodzi. Tigawe K950,000 ndi matumba 36: thumba lililonse latidyera pafupifupi K26,400. Wogula akatchula mtengo wochepera pamenepo, ndiye kuti tikugulitsa moluza. Taonani mmene nambalayi imasinthira mvula ikadula mu Febuluwale, chimanga chikuchita ngaiyaye. Mbewu ndi feteleza zinalowa kale, ndipo ndalama zake sizibwerera. Munda ukangotulutsa matumba 24, zolowa zili pafupifupi zomwezo, thumba limodzi likhala litatidyera cha m'ma K39,600, kuposa K35,000 ya mu Meyi ija.

Masamu onsewa akudalira kuti thumba ndi makilogalamu 50 enieni. Thumba lotsendera mpaka kukamwa limapitirira pamenepo, ndipo ngati lililonse mwa matumba 20 aja linali ndi makilogalamu 55, tapereka matumba awiri aulere, K70,000. Chimanga chosauma bwino nachonso chimapepuka chikamauma, kotero tiziyeza pa sikelo chitauma ndipo m'kope tizilemba makilogalamu, osati matumba kapena ndowa.