Saturn Pakati pa Anthu Awiri Okondana

Funso: Kodi Saturn wa munthu akagwera pa Venus wa bwenzi lake, zimatanthauza banja lolimba kapena goli?

Yankho: Okhulupirira nyenyezi amayika tchati cha kubadwa kwa wina pamwamba pa cha mnzake n'kuyeza madigiri. Saturn akatalikirana ndi Venus madigiri 60 kapena 120, amati ndi kukhulupirika. Akakhala pa 90 kapena 180, amati mwini Saturn amapondereza mnzake. Vuto n'lakuti banja likalimba amatamanda Saturn, likatha amamunenanso yemweyo, ndiye palibe chingatsutse mawuwo.

Saturn amazungulira dzuwa pa zaka pafupifupi 29 ndi theka, motero amakhala zaka ziwiri ndi theka m'chigawo chimodzi cha nyenyezi. Choncho Saturn wa anthu ambirimbiri obadwa miyezi yoyandikana amakhudza Venus wa munthuyo mofanana, ngakhale amene sanakumanepo naye. Sayansi sinapeze umboni woti mapulaneti amamanga kapena kupasula ukwati.