Tizimoto Tobisika M'kati mwa Thiransifoma

Tikamayenda mu msewu wa M1 kuchoka pa Boma la Ntcheu kulowera ku Mlangeni, timaona mathiransifoma a ESCOM atapachikidwa pamitengo. M'kati mwake muli mawaya a kopa okulungidwa ndi mapepala, onse omizidwa m'mafuta. Mapepala ndi mafutawo ndi amene amatchinga magetsi kuti asalumphire kolakwika.

Vuto limayamba pakakhala kampata ka mpweya m'kati mwa chotchingacho. Kampatako kamapanikizidwa ndi magetsi kuposa pepala lonyowa mafuta lomwe lakazungulira, chonsecho mpweya ndi wofooka: umagonja pa makilovoti pafupifupi 3 pa milimita imodzi. Choncho mumathetheka kamoto kakang'ono. Kamotoko sikalumikiza waya ndi waya, motero magetsi sazima. Koma magetsi athu amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, ndipo kamotoko kamatha kubwereza nthawi zonsezo, kukumadya pepala ngati chiswe. Mbava zikapopa mafuta, monga zimachitikira m'dziko muno, mpweya ndi chinyezi zimalowa ndipo mipata yotere imachuluka.

Tingadziwe bwanji osatsegula thanki? Pali zida zoyeza timagetsi ta kamotoko, komanso zomvera phokoso lake pakhoma la thanki, zomwe zimathandiza kupeza pamene kali. Koma njira yofala, makamaka pa mathiransifoma akuluakulu, ndiyo kutunga mafuta pang'ono ndi kuyeza mipweya yosungunukamo. Kamoto kofooka kamaphwanya mafuta ndi kutulutsa haidrojeni wambiri ndi mitheni wochepa. Moto wamphamvu, wolumpha kwenikweni, ndi umene umatulutsa asetilini.

Tiyerekeze kuti tapeza haidrojeni 800 ppm (magawo 800 pa miliyoni), mitheni 50 ppm, asetilini palibe. Tikagawa 50 ndi 800 tipeza 0.06. Muyezo wa IEC 60599 umati chiwerengerochi chikachepera 0.1, tikayikire tizimoto timeneti. Tisathamangire kugamula, chifukwa mafuta ena amatulutsa haidrojeni paokha akangofunda. Timayang'ana zotsatira zakale. Ngati miyezi 6 yapitayo tinapeza 780, tingoyezanso pafupipafupi. Ngati tinapeza 300, chilonda chikukula, ndipo asetilini akangoyamba kuoneka, ndi bwino kuizimitsa thiransifomayo n'kuiunika.

Nanga yatsala ndi zaka zingati? Tizimoto sitiyankha funso limeneli. Kamoto kakang'ono ka pakati pa mawaya kangaphe thiransifoma msanga kuposa kakulu komwe kali m'mafuta kutali ndi pepala. Ukalamba weniweni timauwerenga pa pepala. Ulusi wa pepala latsopano uli ndi mfundo zolumikizana pafupifupi 1,000, ndipo zikatsika kufika 200 pepala limafumbutuka, moti kugwedezeka kobwera ndi shoti imodzi kungaling'ambe. Poti pepala sitingalitulutse, timayeza mankhwala otchedwa fyurani omwe limasiya m'mafuta likamawola. Kutentha kumafulumizitsa zonsezi: malo otentha kwambiri a mawaya akapyola madigiri 98, madigiri 6 alionse owonjezera amachititsa kuti pepala likalambe mofulumira kawiri.