Sinthanitsani Awiri Musanagwire Kalikuleta

Mafunso a pemyuteshoni ndi a kombineshoni amafanana ngati mapasa. Onse amayamba ndi gulu la anthu kapena zinthu, onse amafunsa kuti "pali njira zingati", ndipo pa makalikuleta ambiri nPr ndi nCr zimakhala moyandikana. Ophunzira ambiri amangosaka liwu limodzi m'funsolo. Akaona lotanthauza kusanja, amathamangira nPr. Akaona lotanthauza kusankha, amathamangira nCr. Ana anga, chizolowezi chimenechi chisiyeni. Wolemba mafunso amadziwa kuti mumatero, ndipo angathe kulemba kuti "sankhani" pamene funsolo ndi la pemyuteshoni.

Tiyeni titenge kalabu ya pasukulu ya anthu 10. Funso loyamba likuti sankhani wapampando, mlembi ndi msungichuma. Lachiwiri likuti sankhani anthu atatu oti akaimire kalabuyo kumsonkhano. Mawu ndi amodzimodzi, manambala ndi omwewo, 10 ndi 3, koma mayankho ake ndi 720 ndi 120.

Chochita ndi ichi. Musanawerengere chilichonse, lembani pambali yankho limodzi lotheka, lokhala ndi mayina enieni. Pa funso loyamba mulembe kuti wapampando ndi Chikondi, mlembi ndi Mphatso, msungichuma ndi Tadala. Kenako sinthanitsani awiri: Mphatso akhale pampando, Chikondi atenge buku la mlembi. Kodi chasintha chilipo? Chilipo ndithu, kafunseni Chikondi amene walandidwa mpando. Ngati kusinthanitsa kwabala chinthu chatsopano, malo ali ndi ntchito, ndipo funsolo ndi la pemyuteshoni. Pampando angakhalepo aliyense mwa anthu 10, ulembi watsalira anthu 9, usungichuma anthu 8, ndiye 10 × 9 × 8 = 720. Ichi ndicho 10P3.

Chitani chimodzimodzi pa funso lachiwiri. Opita kumsonkhano ndi Chikondi, Mphatso ndi Tadala. Mukawatchula kuyambira Mphatso, okwera minibasi ndi atatu omwe aja. Palibe chasintha, choncho ndi kombineshoni.

Pano ndipo ndikufuna muchedwepo, chifukwa amene wamvetsa kumene 120 wachokera savutikanso kuloweza. Mu njira 720 zija, gulu la Chikondi, Mphatso ndi Tadala lawerengedwa kangapo. Kangati? Anthu atatu angagawane maudindo atatu m'njira 3 × 2 × 1 = 6, chimene timalemba kuti 3!. Pamene maudindo palibe, njira zisanu ndi imodzizo ndi gulu limodzi basi. Gulu lililonse la atatu labwerezedwa mofanana chomwecho, ndiye timagawa: 720 ÷ 6 = 120. Kombineshoni ndi pemyuteshoni imene yachotsedwa kubwereza, ndipo mwachidule timalemba kuti nCr = nPr ÷ r!. N'chifukwa chake pa manambala amodzimodzi nCr singapose nPr. Mukapeza kuti yaposa, mwadina molakwika.

Nthawi zina funso silitchula udindo, koma malo ali ndi ntchito mobisika. Ligi ya matimu 16 imene timu iliyonse imakumana ndi inzake kamodzi ili ndi masewero 16C2 = 120. Funso likangowonjezera kuti amasewera pakwawo ndi koyenda, masewero akwana 16 × 15 = 240, chifukwa mukasinthanitsa matimu awiriwo mwasintha mwini bwalo. Nambala zopangidwa ndi madijiti, mipando ya pabenchi, woyamba ndi wachiwiri pa mpikisano wothamanga, zonsezi n'za mtundu womwewo.

Mafunso okhala ndi malikisi ambiri kawirikawiri amasakaniza ziwirizi, ndipo apa batani limodzi silikwanira. Kuchokera mwa anthu 10 aja, pangani komiti ya anthu anayi, mmodzi mwa iwo akhale wapampando. Yesani kusinthanitsa kuja. Mukasinthanitsa mamembala wamba awiri, palibe chasintha. Mukasinthanitsa wapampando ndi membala wamba, chasintha. Ndiye funsolo liduleni pawiri. Wapampando asankhidwa m'njira 10, atatu enawo achokera mwa anthu 9 otsala m'njira 9C3 = 84, ndipo 10 × 84 = 840. Mukafuna kutsimikiza, lowerani khomo lina: sankhani anayi kaye, 10C4 = 210, kenako mmodzi mwa anayiwo akhale pampando, 210 × 4 = 840. Njira ziwiri zikakumana pa nambala imodzi, mtima ukhale m'malo.

Tsono pali msampha umene umakola ngakhale anzeru a m'kalasi, mwina iwo makamaka, popeza amakonda njira zachidule. Muli atsikana 7 ndi anyamata 5. Sankhani anthu anayi, koma m'gululo musalephere kukhala mnyamata, kaya mmodzi kaya oposerapo. Wophunzira amaganiza kuti: nditenge kaye mnyamata mmodzi kuti lamulo likwaniritsidwe, njira 5, kenako atatu ena aliwonse mwa anthu 11 otsala, 11C3 = 165. Amachulukitsa, 5 × 165 = 825, nkudula mzere kunsi kwa yankho ali wokondwa.

Kuwerengeraku kukuoneka ngati kwa komiti ya wapampando ija, koma n'kolakwika. Taonani: magulu onse a anthu anayi otheka mwa anthu 12, popanda lamulo lililonse, ndi 12C4 = 495. Zingatheke bwanji kuti titaika lamulo lochepetsa magulu, apezeke 825? Chalakwika n'chakuti mnyamata "woyamba" uja wapatsidwa udindo umene funso silinamupatse. Tinene kuti mwatenga Limbani poyamba, ndipo mwa atatu enawo mwagwera Yamikani ndi atsikana awiri. Ulendo wina mwatenga Yamikani poyamba, Limbani nkubwera m'gulu la atatu limodzi ndi atsikana omwe aja. Anthu ndi anayi omwewo, koma mwawawerenga kawiri. Gulu la anyamata atatu mwaliwerenga katatu, la anayi kanayi. Pa komiti ija kukhala woyamba kunali ndi tanthauzo chifukwa panali mpando. Apa mpando palibe.

Njira yolondola ndi kuchotsa zimene funso lakana. Lakana gulu la atsikana okhaokha, ndipo magulu otere ndi 7C4 = 35. Yankho ndi 495 − 35 = 460. Amene ali ndi nthawi angathe kuyenda njira yaitali kuti adzionere yekha. Mnyamata mmodzi ndi atsikana atatu ndi 5 × 35 = 175, anyamata awiri ndi atsikana awiri ndi 10 × 21 = 210, anyamata atatu ndi mtsikana mmodzi ndi 10 × 7 = 70, anyamata okhaokha anayi ndi 5. Zonse pamodzi ndi 460. Onani kuti mkati mwa mtundu umodzi wa gulu tachulukitsa, chifukwa tikufuna anyamata ndiponso atsikana nthawi imodzi, koma pakati pa mitundu inayiyo taphatikiza, chifukwa gulu lingakhale la mtundu uwu kapena uwo, osati yonse iwiri.

Mukakayikabe njira yanu muli m'mayeso, chepetsani manambala mpaka muthe kulemba magulu onse ndi dzanja. Tengani atsikana awiri ndi anyamata awiri, musankhe anthu awiri mwa lamulo lomwe lija. Magulu onse ndi 6, la atsikana okhaokha ndi limodzi, otsala ndi 5. Njira yachidule ija ikupatsani 2 × 3 = 6, ndipo mukayang'ana pamndandanda wanu mupeza kuti gulu la anyamata awiri ndilo lalembedwa kawiri.