Kukonza ndandanda ya maphunziro pamene nthawi zawombana

Masiku ano ndandanda ya maphunziro sikhalitsa pa bolodi. Ikangolembedwa, mmodzi mwa ophunzira amaijambula ndi foni n'kuitumiza kwa anzake pa WhatsApp, ndipo kuyambira pamenepo aliyense amatsata chithunzi, osati bolodi. Pakapita masiku awiri kapena atatu madandaulo amayamba: mphunzitsi akudikiridwa kuwiri, kalasi yadzaza magulu awiri, ng'ombe zikulira kukhola okama ali m'kalasi. M'phunziro lino titenga chitsanzo cha ndandanda ya mwezi wa Okutobala, tipeze pamene yawombana, kenaka tiyale ina yoyenera ophunzira.

Tisanafune kuwombana kulikonse, tiyenera kutsimikiza kuti chithunzicho chikunena zoona. Chithunzi chojambulidwa chammbali chimapendeketsa mizere, mwakuti phunziro la 10:00 limaoneka ngati lili mu mzere wa 11:00. Kuwala kwa pawindo kumafafaniza choko, ndipo mzere wam'munsi, umene kawirikawiri ndi wa Lachisanu kapena Loweruka, umatsala kunja. Ngati masiku alembedwa m'Chingelezi mofupikitsa, Tue ndi Thu zimafanana kwambiri zikalembedwa ndi dzanja lofulumira. Dziwaninso kuti WhatsApp imachepetsa chithunzi potumiza, motero timanambala tating'ono timachita chimbuuzi. Kuti chifike monga chilili, chitumizidwe ngati Document. Choncho ntchito yoyamba ndi kukopera zonse papepala, tsiku lililonse mzere wake, n'kupita nalo pa bolodi kukayerekeza. Kuwombana kwina kumathera pomwepo, chifukwa kunali m'chithunzi mokha.

M'chitsanzo chathu muli magulu awiri, A ndi B. Pali kalasi imodzi, shedi imodzi, ng'ombe zapagoli ziwiri, ndi aphunzitsi atatu: wa ziweto, wa nthaka ndi zakudimba, ndi wa kasungidwe ka mabuku a pa famu, amene amachokera ku Lusaka ndipo amabwera Lachitatu lokha. Gulu lililonse liyenera kukhala m'kalasi maola 8 pa sabata, maola awiri pa phunziro lililonse mwa anayi awa: nthaka, ziweto, mabuku ndi mbewu zakudimba.

Kuwombana koonekera sikuvuta kukupeza. Tsatani dzina la mphunzitsi mmodzi kuyambira Lolemba kufikira Loweruka, mukuchonga paliponse pamene likupezeka. Mukatha, chitani chimodzimodzi ndi malo. Potero tipeza kuti Lachiwiri, 10:00 mpaka 12:00, mphunzitsi wa ziweto walembedwa kukhola ndi gulu A komanso m'kalasi ndi gulu B. Tipezanso kuti Lachinayi, 14:00 mpaka 16:00, magulu onse awiri apatsidwa kalasi imodzi yomweyo, lililonse ndi phunziro lake. Izi zimachitika chifukwa mphunzitsi aliyense amasankha nthawi yomukomera asanaone za anzake.

Koma pa sukulu ya zaulimi kuwombana kopweteka ndi kumene sikulembedwa pa bolodi. Sukulu ngati yathu, kapena ya ku Kasisi imene a Jezuwiti anatsegula mu 1974, ndi famu ndiponso sukulu nthawi imodzi, ndipo famu ili ndi wotchi yakeyake. Chithunzi chikuti Lachitatu gulu B liphunzira za mabuku kuyambira 14:00 mpaka 16:00, ndipo palibe china cholembedwa pa nthawiyo. Komatu pepala la magawo a ntchito, limene limapachikidwa kukhola ndipo palibe amalijambula, likuti sabata imeneyo gulu B ndilo likama, ndipo kukama kwa madzulo ndi 15:30. Okama ayenera kufika 15:00 kuti atsuke zitini, atenthetse madzi osambitsira mabere ndi kulowetsa ng'ombe. Ng'ombe yamkaka imazolowera ola lake. Ikamasinthidwasinthidwa imavuta kutsitsa mkaka, ndipo mkakawo umachepa. Zotsatira zake n'zakuti theka la gulu limatuluka phunziro lili pakati, ndipo limaphonya gawo lomwelo la kuwerengera phindu limene mphunzitsi wapaulendoyo sadzabwerezanso.

Kwina ndi kuwombana ndi dzuwa. Lolemba, 11:00 mpaka 13:00, chithunzi chikuti gulu A ling'ambe mizere m'munda ndi lipa ya Magoye yokokedwa ndi ng'ombe. Papepala palibe cholakwika, popeza mphunzitsi alipo ndipo ng'ombe zilipo. Koma aliyense wodziwa Okutobala wa kuno ku Chongwe adziwa kuti pofika nthawi imeneyo nthaka youma ija imakhala itatentha, ng'ombe zimayamba wefuwefu, kutaya dovu ndi kukhotera kumthunzi, ndipo mizere imatuluka yokhota ndi yosazama. Wophunzira woona zotere amapita kwawo akuganiza kuti lipa ilibe ntchito, pamene vuto linali ola. N'chimodzimodzi kuwokera mbande masana: zimafota zisanagwire.

Chotsiriza ndi Loweruka, pamene chithunzi chaika ntchito younjika kompositi kuyambira 08:00 mpaka 10:30. Pakati pa ophunzira sipalephera kukhala abale athu a mpingo wa Adiventisiti, amene amasunga Sabata kuyambira dzuwa likalowa Lachisanu kufikira litalowa Loweruka. Ambiri a iwo sadandaula. Amangosowa, n'kulembedwa ngati ojomba.

Tsono tikonza bwanji? Ambiri amayamba ndi kusuntha phunziro limene lawombana n'kuliika pa mpata woyamba umene aona. Njira imeneyi ife sitiyamikira, pakuti phunziro losunthidwalo limakagunda lina, linalo n'kugundanso lina, ndipo pofika Lachisanu pepala ladzaza zofufuta. Kuli bwino kutenga pepala loyera ndi kuyamba ndi zimene sizisuntha. Kukama ndi 05:30 ndi 15:30. Mapemphero a m'mawa ndi 07:00, nsima ya masana ndi 12:30. Lachitatu ndi la mphunzitsi wa mabuku, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ndi masiku opembedza. Zikakhazikika izi, tsiku limadzigawa lokha m'zigawo zinayi: m'mawa kukali kozizira, 07:30 mpaka 10:00, zigawo ziwiri za kutentha, 10:30 mpaka 12:00 ndi 13:30 mpaka 15:00, ndi madzulo kuyambira 15:30.

M'mawa ndi wa ntchito zapanja kwa magulu onse awiri, koma kumalo osiyana. Lolemba ndi Lachitatu gulu A lili kudimba pamene gulu B lili kukhola ndi kumunda ndi ng'ombe zapagoli. Lachiwiri ndi Lachinayi amasinthana. Motero mphunzitsi aliyense ali ndi gulu limodzi, ndipo ng'ombe zimasulidwa pagoli pofika 10:00. Lachisanu m'mawa onse aunjikira limodzi kompositi ija inali ya Loweruka, ndipo maola ake ndi omwewo, awiri ndi theka.

Zigawo za kutentha ndi za mumthunzi. Popeza kalasi ndi imodzi, gulu lina likhala m'kalasi pa 10:30 pamene linzake lili kushedi ndi akapitawo a famu, kusankha mbewu, kukonza zipangizo kapena kudzaza dothi m'timachubu ta mbande. Pa 13:30 asinthana. Tsiku lililonse lili ndi phunziro limodzi lophunzitsidwa kawiri: Lolemba nthaka, Lachiwiri ziweto, Lachitatu mabuku, Lachinayi mbewu zakudimba. Ubwino wake ndi wakuti mphunzitsi sangafunikenso kuwiri pa ola limodzi, ndipo wochokera ku Lusaka uja aona magulu onse pa ulendo umodzi n'kubwerera kukali kowala. Ndani atenge chigawo cha 13:30, chimene tonse tikudziwa kuti ndi cha tulo nsima ikakhala m'mimba? Ife titi gulu limene likukama sabata imeneyo, poti ladzuka mbandakucha, lilowe m'kalasi pa 10:30, ndipo linalo lipirire masana. Sabata yotsatira zitembenuka pamodzi ndi kukama. Madzulo okama apita kukhola, enawo kudimba kukathirira ndi kuwokera mbande kuyambira 16:00 mpaka 17:30, nthawi imene ikupatsa osunga Sabata mpata wosamba Lachisanu dzuwa lisanalowe cha m'ma 18:00. Za kukama kwa kumapeto kwa sabata, iwowa atenge Lamlungu, ndipo opita ku Misa kapena ku mapemphero a Lamlungu atenge Loweruka.

Tsopano tiwerenge maola, pakuti ndandanda yokongola ikhoza kuba nthawi mwakachetechete. Zigawo zisanu za ola limodzi ndi theka zikupatsa gulu lililonse maola 7 ndi theka m'kalasi, m'malo mwa 8. Maphunziro anayi aja atenga zigawo zinayi, ndipo chachisanu, cha Lachisanu, chizipita kwa phunziro limodzi sabata iliyonse mosinthana. Pa masabata anayi phunziro lililonse lipeza zigawo zisanu, ndiwo maola 7 ndi theka, pamene kale linkapeza 8. Phunziro lililonse lataya theka la ola pa mwezi, ndipo ichi chiyenera kunenedwa poyera popereka ndandandayi. Kwa ife mtengo umenewu ndi wochepa, poyerekeza ndi ola lathunthu limene okama ankataya Lachitatu lililonse. Pali mfundo imodzi yotsala: mphunzitsi wa mabuku sabwera Lachisanu, choncho sabata yake ikafika asiyiretu ntchito yolemba, monga kuwerengera ndalama zolowa ndi zotuluka pa bedi limodzi la repu, yoti akaichonge Lachitatu lotsatira.

Popereka maganizowa kwa akulu a sukulu, woimira ophunzira atenge mapepala atatu: ndandanda yakale yokopedwa bwino ndi zowombana zake zitazunguliridwa, yatsopano, ndi kuwerengera kwa maola. Apemphe kuti iyesedwe masabata awiri, kuti gulu lililonse lilaweko sabata yokama. Ikavomerezedwa, pamwamba pa bolodi palembedwe tsiku limene ikuyambira, chithunzi chijambulidwe moyang'anizana ndi bolodi, tsikulo likuoneka, ndipo chakale chifufutidwe m'mafoni.

Ndandandayi ili ndi malire ake. Pa 18 Okutobala ndi tsiku la mapemphero a dziko lonse ndipo pa 24 ndi la ufulu. Limodzi mwa awa likagwa Lachitatu, phunziro la mabuku lifunika kukambiranidwa msanga ndi mwini wake, ndipo ng'ombe zikamidwabe. Kuthirira kwa 16:00 kukudalira magetsi a pampu. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, magetsi a ZESCO ankazima maola ambiri pa tsiku, ndipo m'nyengo yotere thanki idzazidwe nthawi iliyonse imene magetsi abwera, ngakhale usiku, kuti ola lothirira lisasunthe. Komanso mvula yobzalira ikagwa mu Novembala kapena Disembala, ndandanda yonseyi iyenera kuyalidwanso, chifukwa pamenepo kuthirira kuchepa, kubzala ndi kupalira kutenga m'mawa wonse, ndipo masiku a kalasi adzakhala aja amene m'munda mwanyowa kwambiri moti simulowa khasu.