Dziwani Ufulu Wanu: Uthenga wa Pafoni Ndiwo Lisiti Lanu

Wogula akakulipirani pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, musamupatse katundu pongoona uthenga womwe akukuonetsani pafoni yake. Akamberembere amatha kulemba uthenga wabodza wofanana ndi weniweni. Dikirani uthenga pafoni yanu, ndipo muone ngati ndalama zalowadi.

Uthengawo uli ndi nambala yakeyake, Transaction ID. Ilembeni m'buku la golosale pamodzi ndi tsiku ndi ndalama zake, chifukwa mukakadandaula kukampani, nambalayi ndiyo adzayambe kukufunsani. Kukadandaulako ndi ufulu wanu, ndipo kampani ikakunyalanyazani mungapite ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira ntchitozi.

Ambiri amasokonezeka pa ndalama zodulidwa. Mwagulitsa shuga wa K20,000, tiyerekeze kuti potapa kwa ejenti akudulani K500. M'buku lembani malonda a K20,000, kenako K500 payokha ngati ndalama yotuluka. Mukangolemba K19,500, mwezi ukamatha mudzayamba kukayikira mnyamata wogulitsa, pomwe sanabe kalikonse.

Ndalama yodulidwayo imachoka yokha mu akaunti yanu. Ejenti akapempha ina yapamanja pamwamba pake, kanani, ndipo mufunseni akuonetseni mndandanda wa mitengo ya kampani.