Dijiti yomaliza ya 7^2000 siifuna kakyuleta

Ana anga, funso likakuuzani kuti mupeze dijiti yomaliza ya 7^2000, musathamangire kakyuleta. Nambala imeneyi ili ndi madijiti 1,691, ndipo kakyuleta ya kusukulu imagonja nambala ikafika madijiti oposa 100. Wofunsayo sakufuna nambala yonse, akufuna kamchira kake kokha.

Pochulukitsa nambala ziwiri, dijiti yomaliza ya yankho imachokera ku madijiti omaliza a nambala ziwirizo basi. Zakutsogolo zilibe nazo kanthu. Choncho muzichulukitsa ndi 7 n'kumasunga dijiti yomaliza yokha. Poyamba muli ndi 7. Kuchulukitsa ndi 7 kukupatsani 49, musunge 9. Kenako 9 × 7 ndi 63, musunge 3. Ndiye 3 × 7 ndi 21, musunge 1. Mukachulukitsanso mwabwerera pa 7. Madijitiwa amangosinthana ngati magule olowa m'bwalo motsatizana: 7, 9, 3, 1, kenako 7, 9, 3, 1, mpaka kalekale.

Popeza ulendo umodzi uli ndi masitepe anayi, gawani pawa ndi 4 muone chotsala. Pa 7^2023, kugawa 2023 ndi 4 kumasiya 3, ndiye yankho ndi dijiti yachitatu pamndandanda, yomwe ndi 3. Simufunikanso kugawa nambala yonseyo, chifukwa 100 imagawika ndi 4 bwinobwino. Ingotengani 23 wa kumapetoyo.

Tsopano pomwe ambiri amagwera ndi apa. Mukagawa 2000 ndi 4 mupeza 500, osatsala kanthu. Ena akaona ziro amalemba 7, poganiza kuti ziro akuloza poyambira. Ayi. Kusatsala kanthu kukutanthauza kuti ulendo wa 500 wathera ndendende pa sitepe yachinayi, choncho 7^2000 imathera ndi 1.

Palinso ena amene amapeza 1 yemweyo koma podzera njira yolakwika. Amati chatsala ndi ziro, ndipo 7^0 ndi 1. Awa ndi amene ndimawadera nkhawa kwambiri, pakuti mphunzitsi amawachongera, iwo n'kumayesa kuti adziwa. Ayeseni ndi 2^2000. Mndandanda wa 2 ndi 2, 4, 8, 6. Chotsala ndi ziro ndithu, koma yankho ndi 6, osati 1. Ndipo mukanazindikira msanga: 2 mungamuchulukitse ndi 2 mnzake kangati, sangathere ndi dijiti yosagawika ndi 2. Muzolowere kufunsa yankho lanu funso ngati limeneli musanalitsekere mzere.

Musaloweze kuti mndandanda uliwonse uli ndi madijiti anayi. Wa 4 ndi 4, 6 basi, wa 9 ndi 9, 1, pomwe 0, 1, 5 ndi 6 sasintha n'komwe. Muziulemba nokha pambali pa pepala, sizitenga mphindi. Ndipo akakuopsezani ndi 1987^2000, tayani 198, mutsale ndi 7. Yankho ndi 1 yemwe uja.